Steam Cloud, OneDrive kapena fulashi: sevu yanu muidalire kuti?

Mwezi watha ndinagula kompyuta yakaunjika mtauni muno mu Joni, gemu ndinkasewera pa laputopu kuchipinda kwanga ku Turffontein. Tsiku lomaliza pa laputopupo magetsi anathima ndili mkati mosewera, wayifayi nayo zii, sevu ya gemuyo sinakwere ku Steam Cloud, komwe Steam imasunga masevu pa intaneti. Pa kompyuta yatsopano ndinatsegula gemu ndikusewera mwina mphindi 5, kubwerera pa laputopu ndikupeza uthenga woti mafayilo akusemphana ndisankhe. Ine phuma, ndinadina ya deti yatsopano. Masewero a wikendi yonse anapita choncho, ndipo wolakwa ndine ndemwe.

Steam Cloud ndiyosavuta, imatsitsa sevu mukamatsegula gemu nkukweza mukatseka. Koma ili ngati kalilole, imangosunga zomwe mwaipatsa komaliza, zakale sizibwerera. Ikakufunsani pakati pa ya pa kompyuta ndi ya mu kilaudi musamangoona deti, yatsopano sikuti ndi yomwe mwafika nayo patali ayi, ija ya mphindi 5 imaoneka yatsopano kuposa ya maola 12. Komanso makompyuta akaunjikawa kabatire ka wotchi kamakhala katafa, deti nkumanama. Musanadine kalikonse koperani kaye foda iyi:

```
C:\Program Files (x86)\Steam\userdata
```

Magemu ena sasunga umo, onaninso mu `%APPDATA%`, `%LOCALAPPDATA%` ndi `Documents\My Games`. Zomwe zili mu kilaudi mutha kuziona ndi kuzitsitsa pa `store.steampowered.com/account/remotestorage`, mufananize bwinobwino.

Gemu ikamakana kuyaka kapena sikirini kungoda bii mutasamuka, kawirikawiri sevu ilibe mlandu. Magemu ena amakweza ndi maseting'i omwe, ndiye kompyuta yatsopano ikukakamizidwa za sikirini ndi khadi la zithunzi la inzake ija. Zimitsani kilaudi ya gemu imeneyo pa `Properties` kenako `General`, fayilo ya maseting'i (nthawi zambiri imathera `.ini` kapena `.cfg`) muisinthe dzina, gemu ipanga ina yokha. Osafufuta, kungosintha dzina basi.

OneDrive, kilaudi ya Microsoft, imaposa Steam Cloud pa chinthu chimodzi, ili ndi `Version history` ndipo zofufutidwa zimakhala mu bini masiku 30, ndiye mutha kubweza. Vuto lake makompyuta awiri akasemphana imapanga fayilo yachiwiri nkuphatikiza dzina la kompyuta kumapeto, gemu siidziwa fayilo imeneyo. Nthawi zina fayilo imangooneka dzina koma ili pa intaneti, netiweki palibe gemu siiwerenga, mpaka musankhe `Always keep on this device`. Ndipo kuiphatikiza ndi Steam Cloud pa foda imodzi ndi atambala awiri mkhola limodzi.

Fulashi ndi yachikale, imafuna musamaiwale, koma siidya data ndipo siifufuta kanthu payokha. Ine pano Steam Cloud ndimaisiya yoyaka, Lamlungu lililonse ndimakopera foda pa fulashi nkulemba deti pa dzina lake, ndipo laputopu sindiitseka mpaka pambali pa `Play` palembe `Up to date`.