Ndemanga: mabulangete okutira katundu ndawagwiritsa ntchito pojambula mawu kuchipinda

Mabulangete awa ndi aja okhuthala, osokedwa mizeremizere, amene anthu amakutira mipando posamuka. Lililonse ndi lalikulu pafupifupi mamita 1.8 kwa mamita 2, ndipo limalemera ndithu ukalinyamula. Ndinagula anayi kuti ndizijambulira nyimbo zakwaya kuchipinda kwanga. Mwachidule, ndakhutira nawo, koma amafuna munthu wodziwa powapachika.

Chipindacho ndi cha mamita 3 kwa 3.5, makoma a njerwa opaka pulasitala, pansi pa simenti. Zonsezi ndi zolimba, ndiye mawu amangonjanja kuchoka khoma ili kupita khoma linalo. Mukafuna kudziwa ngati chanu chili ndi vutoli, imani pakati n'kuwomba m'manja kamodzi mwamphamvu. Mukamva kaphokoso konjenjemera kotsalira m'mbuyo, dziwani kuti maikolofoni nayo ikukatola. Kwanga kankamveka kwambiri.

Malo oyamba kupachika bulangete ndi kumbuyo kwa woimba. Ambiri amathamangira kutchinga kuseri kwa maikolofoni, chonsecho maikolofoni zambiri zojambulira mawu zimamva kwambiri kutsogolo, kumbuyo zimamva pang'ono. Ndiye kuti imene yaloza pakamwa panu ikumvanso khoma lili kumsana kwanu. Ine ndinaphatikiza awiri kumbuyoko, ena awiri m'mbali, pa chingwe cholimba chomangidwa pa misomali ya makatani.

Chimene chinasintha zinthu koposa ndi mpata. Bulangete lokhomedwa pakhoma penipeni limangomeza mawu opyapyala a m'mwamba, aja a "s" ndi "ts". Chifukwa chake n'chakuti nsalu imafooketsa mawu pamene mpweya ukugwedezeka kwambiri, ndipo pakhoma penipeni mpweyawo sugwedezeka kwenikweni. Mukalitalikitsa ndi masentimita 10 kapena 15 limayamba kugwiranso mawu apakati, momwe muli thupi la liwu la munthu. Musalikoke kuti liwongoke. Lisiyeni lipange makwinya monga imachitira katani, chifukwa potero nsalu imachuluka pamalo omwewo. Nditawombanso m'manja, kunjenjemera kuja kunali kutatheratu.

Mabulangete okha sangamalize ntchito, katundu wa m'chipinda anathandiza kwambiri. Ndimatsegula zitseko zonse za wodilopu n'kuimba nditayang'ana zovala, maikolofoni ili pakati pa ine ndi zovalazo, pamtunda wa masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa. Pansi ndimayala kapeti, ikasowa ngakhale bulangete wamba limachita. Matilesi ndimaiimika pakona, pakuti m'makona ndi momwe besi imaunjikana, ndipo chinthu chokhuthala ngati matilesi chimaigwira kuposa nsalu.

Apa ndi pamene malire a mabulangetewa amaonekera. Liwu la mwamuna limayambira pansi kwambiri, cha m'ma 85 mpaka 180 Hz, womwe ndi muyezo wa kutsika kapena kukwera kwa mawu, ndipo mawu otsika chonchi amangodutsa bulangete. Mnzanga woimba besi atabwera, anapempha kuti timutchingire mbali zonse ndi pamwamba pomwe. Mawu ake anatuluka ogonthera, ngati akuimbira m'mgolo: zam'mwamba zonse zamezedwa, zapansi zatsala zokhazokha. Titachotsa lapamwamba n'kukankhira am'mbali kutali pang'ono, liwu linatseguka. Choncho mukamva kuti zojambula zanu zikumveka zotsekeka, musawonjezere bulangete lina, kulitsani malo. Kung'ung'uza kotsalako ndimakudula mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity ndi High-Pass Filter, chida chochepetsa mawu otsika kuposa muyezo umene mwaika, pa 80 Hz, koma kwa woimba besi ndimatsitsa kufika pa 60 Hz kuopa kumudyera mawu ake.

Wogulitsa analemba kuti mabulangetewa amatsekereza phokoso, ndipo izi si zoona. Kumeza mawu onjanja m'chipinda ndi nkhani ina, kutchinga phokoso lakunja ndi inanso, yofuna makoma olemera ndi zitseko zopanda mipata. Galu wa aneba, chigayo, mvula pamalata, zonsezi zimalowa monga kale. Ine ndimajambula usiku kukakhala bata, ndipo mvula ikayamba ndimangodikira kuti ikate.

Zina zofunika kudziwa musanagule: amabwera ndi fungo la fakitale, ndiye ayanikeni panja kaye. Alibe mabowo opachikira, ndipo mapegi ochapira amalephera kulemera kwake. Ndinasoketsa timalamba kwa telala m'mphepete mwake, mtengo wake wochepa. Mwezi wa Okutobala mkatimo mumatentha zedi, ndipo fani simungayatse pojambula, choncho muzijambula pang'onopang'ono n'kumapuma. Nthawi ya mvula musawasiye atagunda khoma lachinyontho, angachite nkhungu.

Kwa wojambula liwu limodzi, kaya nyimbo, ulaliki kapena ndakatulo, anayi akukwana bwino. Ndawapatsa nyenyezi 4 mwa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha lonjezo lotsekereza phokoso lija.