ClearType pa monita yakale ya mainchesi 22: imathandiza, koma yambani mwakonza zina

Ntchito yanga ndi yolemba malipoti ndi kusunga mabuku a ndalama, choncho tsiku lonse maso amakhala pa tizilembo ting'onoting'ono. Ndimagwiritsa ntchito laputopu ya Windows 10 yomwe ndinailumikiza ku monita ya kaunjika ya mainchesi 22, ya mapikiselo 1680 x 1050. Ndemanga iyi ndi ya kachida kotchedwa ClearType Text Tuner, kosinthira mmene Windows imasalazira zilembo pa sikirini, kamene kamabwera kale m'Windows ndipo salipiritsa. Mwa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi. Kamachitadi ntchito yake, koma ntchitoyo ndi yaing'ono kusiyana ndi mmene anthu amakatamira, ndipo ngati vuto lili kwina, mungadine mabokosi ake mpaka dzuwa kulowa osaona kusintha.

Kuti mumvetse chomwe mukusankha m'mabokosimo, muyenera kudziwa kaye mmene sikirini ya LCD inapangidwira. Pikiselo iliyonse ndi timizere titatu toimirira, togundana: kofiira kumanzere, kobiriwira pakati, kabuluu kumanja. Tikayaka tonse diso limaona kadontho koyera. Njira yakale yosalazira zilembo imatenga pikiselo yonse ngati chinthu chimodzi, ndipo m'mphepete mwa chilembo imangopaka mtundu wotuwa. ClearType imayatsa kapena kuzimitsa kamzere kalikonse pakokha, motero mwendo wa chilembo ukhoza kuyambira pakati pa pikiselo m'malo modikira pikiselo yotsatira. Phindu lake lili chopingasa basi, kuchokera kumanzere kupita kumanja. N'chifukwa chake zilembo za miyendo yoimirira monga m, n, l, i ndi h ndi zimene zimasintha kwambiri. Kwa ife olemba Chichewa zimenezi si zachabe, chifukwa mawu ngati "mnyamata" kapena "mmene" akalembedwa ndi fonti yaing'ono pa sikirini yosakonzedwa, miyendo ya m ndi n imamatirirana n'kusanduka mpanda umodzi.

Microsoft inalengeza ClearType mu 1998. Mu Windows XP inalipo koma yozimitsa, kuyambira Windows Vista imabwera yoyatsa kale, ndipo kachida koisinthira kanalowa m'kati mwa Windows kuyambira Windows 7. Choncho ngati muli pa Windows 10 kapena 11, ClearType mwina ikugwira kale ntchito. Chimene kachidaka kamachita ndi kuigwirizanitsa ndi sikirini yanu komanso maso anu.

Monita yanga itangofika, zilembo zinali zotambalala ndi zachifunga, ndipo ClearType inalibe mlandu. Laputopu yanga ili ndi mapikiselo 1366 x 768, ndipo Windows inkaonetsa chithunzi chimodzimodzi pa masikirini onse awiri. Zikatero monita yaikuluyo imalandira chithunzi chochepa n'kuchikoka kuti chikwane, ndiye pikiselo imodzi ya Windows imagwera pa pikiselo imodzi ndi kachidutswa ka inzake. Masamu onse a timizere titatu aja amasokonekera pomwepo. Mankhwala ake ndi kudina batani la Windows pamodzi ndi P, kusankha Extend kapena Second screen only, kenako kupita ku Settings, System, Display n'kuonetsetsa kuti pa Display resolution pali nambala yomwe yalembedwa kuti Recommended. Kwa ine ndi 1680 x 1050. Ngati zilembo zachepa kwambiri, musatsitse nambalayi. Kwezani Scale kufika 125% basi, chifukwa imeneyo imakulitsa zilembo popanda kukoka chithunzi.

Chachiwiri chinali chingwe. Monitayi inabwera ndi chingwe cha VGA, cha mutu wabuluu chija, chimene chimatumiza chithunzi ngati mafunde, ndipo monita imachita kulota pamene pikiselo iliyonse ikuyambira. Ikalota molakwika mumaona kuti chigawo china cha sikirini chili bwino pomwe china n'chachifunga, kapena zilembo zikunjenjemera pang'ono. Mamonita ambiri a VGA ali ndi batani lolembedwa Auto. Tsegulani tsamba lodzaza ndi zilembo kuyambira pamwamba mpaka pansi, dinani batanilo, mudikire masekondi ochepa. Kusintha komwe ndinaona pamenepa kunali kwakukulu kuposa konse komwe ClearType inabweretsa pambuyo pake. Pambuyo pake ndinapeza chingwe cha HDMI kupita ku DVI, nkhani ya kulotayo inatheratu.

Tsopano kachida kenikeniko. Dinani Windows ndi R, lembani izi, kenako Enter:

```
cttune
```

Mukhozanso kulemba Adjust ClearType text pa malo ofufuzira. Tsamba loyamba lili ndi kabokosi ka Turn on ClearType. Kachongeni ndi kukachotsa kangapo mukuyang'ana chitsanzo chili pansi pake, kuti diso lizolowere kusiyana kwake. Ngati muli ndi masikirini awiri, kadzakufunsani ngati mukufuna kukonza onse kapena imodzi. Kenako kamaona ngati sikirini ili pa mapikiselo ake enieni, ndipo pambuyo pake pamabwera masamba asanu, lililonse ndi mabokosi a mawu ofanana, kuti musankhe lomwe likuoneka bwino.

Apa ndi pomwe ndachotsera nyenyezi imodzi. Kachidaka sikakuuzani chomwe tsamba lililonse likusintha. Kamangoti sankhani lokukomerani, ngati kwa dokotala wa maso akamasintha magalasi n'kumafunsa kuti "apa kapena apa?", koma dokotala amadziwa chomwe akufufuza pomwe inu mwasiyidwa nokha. Choipa kwambiri n'chakuti tsamba loyamba mwa asanuwo, la mabokosi awiri okha, si nkhani ya kukonda ayi. Lili ndi yankho limodzi lolondola. Bokosi lina ndi la masikirini a dongosolo la RGB lomwe ndafotokoza lija, linalo ndi la BGR, pomwe kabuluu kali kumanzere ndi kofiira kumanja. Masikirini ambiri ndi RGB, koma pali mamonita ndi mawayilesi a kanema ena a BGR. Mukasankha molakwika, Windows imazimitsa kamzere ka mbali yolakwika, ndipo chilembo chilichonse chimavala mthunzi wofiira ndi wabuluu wooneka ndi maso, miyendo yake n'kunenepa.

Ngati mabokosi awiriwo akukuonekerani ofanana, funsani sikiriniyo. Tsegulani tsamba loyera mu Notepad, yandikizani kamera ya foni pafupi n'kukulitsa chithunzi, kapena gwiritsani ntchito galasi lokulitsa zinthu. Yang'anani m'mphepete mwa kumanzere kwa malo oyera, pomwe akugundana ndi chinthu chakuda: mtundu woyamba kuoneka ukakhala wofiira, sikirini yanu ndi RGB. Kuti mudziwe chomwe Windows ikuganiza, jambulani sikirini ndi Print Screen, matani mu Paint, mukulitse kwambiri. Pa dongosolo la RGB, chilembo chakuda pa pepala loyera chimakhala ndi mphepete yofiirira kumanzere ndi yabuluu kumanja. Zikatembenuka, Windows ili pa BGR. Kumbukirani kuti chithunzi cha Print Screen chimangoonetsa maganizo a Windows, sichiona galasi la monita, ndiye mayeso onse awiri amafunika. Yanga inapezeka RGB ndipo Windows inali itasankha kale molondola.

Masamba anayi otsalawo ndiwo a kukonda kwanu. Ambiri amasintha kuda ndi kunenepa kwa zilembo, ndipo la mabokosi atatu limasintha kuchuluka kwa mitundu m'mphepete, kuyambira mitundu yonse mpaka kutuwa kokhakokha. Khalani pomwe mumakhala masiku onse posankha, osati mphuno pa galasi, chifukwa pafupi chilichonse chimaoneka cha mawangamawanga. Chenjeraninso ndi bokosi lakuda kwambiri. Limakopa poyamba chifukwa limaoneka lamphamvu, koma pa fonti yaing'ono limatseka kabowo ka e ndi a, ndipo kachipewa ka pa ŵ kamasanduka kadontho. Ine ndinasankha lakuda pang'ono kuposa lomwe linali losankhidwa kale, ndipo manambala a m'matebulo anga, makamaka 3, 6 ndi 8, anasiya kufanana madzulo maso akatopa.

Ofuna kuona zomwe zasungidwa akhoza kulemba izi mu Command Prompt:

```
reg query "HKCU\Control Panel\Desktop" /v FontSmoothingOrientation
```

Yankho la 0x1 ndi RGB, la 0x0 ndi BGR. Zindikirani kuti nambalayi ndi imodzi pa akaunti yanu yonse. Ngakhale kachidaka kamalola kukonza sikirini iliyonse payokha, mapulogalamu ambiri akale amangowerenga nambala imodziyi, choncho wokhala ndi monita ina ya RGB ndi ina ya BGR ayenera kusankha yomwe amawerengerapo kwambiri, inayo ipirire.

Chinthu china chokhumudwitsa n'chakuti si mapulogalamu onse amene amamvera. Mu File Explorer ndi Notepad kusintha kunaoneka, ngakhale ena anafuna kuti ndiwatseke n'kuwatsegulanso. Koma Word, kuyambira ya 2013, imasalaza zilembo za m'chikalata ndi kutuwa kokha, ndipo Settings ndi Start nazonso zimachita chimodzimodzi. Munthu amene tsiku lake lonse limathera mu Word asayembekezere zodabwitsa. Mafayilo a PDF nawonso amadalira pulogalamu yowatsegulira, ndipo Adobe Acrobat Reader ili ndi posinthira pakepake pa Page Display, pamzere wa Smooth Text.

Ndinayesanso kutembenuza monitayi kuti iime chotalika, poti ndi bwino powerenga masamba aatali. Pamenepo timizere titatu tija timagona chopingasa, kena pamwamba pa kanzake, pomwe ClearType imawerengera kuti tili pambalipambali. Zilembo zinaipa, ndipo palibe bokosi lomwe linakonza. Monita ikaima choncho, kusalaza kwa kutuwa kumaposa. Chotsani chongi pa Turn on ClearType, kenako dinani Windows ndi R, lembani `sysdm.cpl`, pitani ku Advanced, Performance, Settings, muone kuti Smooth edges of screen fonts ndi yochonga, apo ayi zilembo zidzakhala za manomano.

Monita yanga ili ndi mapikiselo pafupifupi 90 pa inchesi, ndipo ya mainchesi 24 ya 1920 x 1080 ili ndi pafupifupi 92. Pa masikirini otere pikiselo ndi yaikulu moti gawo limodzi mwa atatu limaoneka, ndiye mphindi zisanu za kachidaka n'zoyenera. Pa monita ya 4K ya mainchesi 27, yomwe ili ndi pafupifupi 163, kusiyanako kumachepa kwambiri, ndipo Apple inazimitsa njira yofanana ndi imeneyi mu macOS Mojave mu 2018. Amene mwalumikiza kompyuta ku wayilesi ya kanema, yambani mwaiika pa PC kapena Game, mutsitse Sharpness, muzimitsenso kukulitsa chithunzi komwe kumadula m'mphepete. Mawayilesi ambiri amachepetsa tsatanetsatane wa mitundu akakhala pa makonzedwe oonera filimu, ndipo poti ClearType imadalira mitundu ya m'mphepete mwa zilembo, pa makonzedwe amenewo mawu ofiira ndi abuluu amachita kupakika.