Ngongole ya baluni, patatha miyezi 20

"Alamu, wogulitsa magalimoto akuti nditenge ngongole ya baluni, ya pamwezi ichepe. Inu ikukuyenderani bwanji?"

Alamu, pikapu yanga yonyamulira usipa kuchokera ku Monkey Bay ndinaitenga choncho. Banki inandibwereka K10,000,000, yobweza miyezi 36, chiwongoladzanja 30 peresenti pachaka. Ikanakhala ngongole wamba, bwenzi ndikulipira pafupifupi K424,500 pamwezi. Koma K3,000,000 anaikankhira kumapeto kuti ndidzapereke kamodzi, ndiyo baluniyo, ndiye ya pamwezi inatsika kufika K372,200.

Pamenepo sanandinamize. Mu Novembala ndi Disembala, nyanja atatsekera makoka, katundu akusowa, K52,000 yotsalayo ndi imene inkagula dizilo. Ndinkayamikira.

Mtima unasintha mwezi wathawu, giyabokosi itafera pa mlatho wa Bakili Muluzi, usipa uli pamwamba, dzuwa likuswa mtengo. Ndinaganiza zongoigulitsa, ndiye ndinapita kukafunsa ngongole yotsala. Kalaliki anandilembera pakapepala: K6,880,000. Ndinamuuza kuti awerengenso. Anawerenganso, n'kundionetsa kuti pa ngongole wamba ikanakhala itatsika kufika pafupifupi K5,540,000.

Nkhani yake ndi iyi. Baluniyo siigona tulo podikira mwezi wa 36. Imabereka chiwongoladzanja cha K75,000 mwezi uliwonse, ndipo ndalamayo ili kale m'kati mwa K372,200 ija. Ndimalipirira K3,000,000 imene siitsika ndi tambala yomwe. Pomaliza ndidzakhala nditapereka pafupifupi K16,400,000 m'malo mwa K15,280,000.

Chimene chimandisowetsa tulo kwambiri n'chakuti ndinkaganiza kuti ndikamasunga K52,000 ija, baluni idzakwanira yokha. Ayi ndithu. Pa miyezi 36 imangofika pafupifupi K1,880,000. Pamafunika kupatula K83,000 mwezi ndi mwezi kuyambira pachiyambi, kutanthauza kuti m'thumba mumatuluka zambiri kuposa za ngongole wamba. Ine ndasunga K600,000 basi, ndipo theka lapita kwa makaniko.

Amene anandigulitsa pikapuyi ankanena mokoma kuti, "Bwana, pofika nthawiyo mudzangogulitsa galimoto n'kulipira." Sananene kuti bulubuku imakhala m'manja mwa banki mpaka ngongole ithe, kapena kuti wogula adzaona dzimbiri la madzi a nsomba kumbuyoku n'kutsitsa mtengo. Nditamuimbira za giyabokosi anangoti zimenezo n'za ine ndi banki. Zinandiwawa.

Kwa inu, alamu, musanasaine muwauze a banki alembe zinthu ziwiri: ndalama yonse imene mudzapereke pofika kumapeto, ndiponso ngati adzalole kuti baluniyo isanduke ngongole yatsopano, pa chiwongoladzanja chanji. Ngati mungakwanitse K424,500, tengani wamba. Ine ndatsala ndi miyezi 16, ndipo kuti K3,000,000 ikwane ndiyenera kumapatula pafupifupi K170,000 pamwezi.