Ndemanga: ndinakonzetsa profayilo ya kampani yathu ya mijigo

Ndili ndi kampani yaing'ono ku Lilongwe, ndipo miyezi yapitayi ndinalemba ntchito mayi wina amene amakonza zikalata za mabizinesi kuti andikonzere profayilo ya kampani, chikalata chija timaphatikiza tikamapempha ntchito ku mabungwe ndi ku makhonsolo. Ntchito yawo ndinakhutira nayo, ndipo ndingawatumenso, ngakhale pali zinthu ziwiri zomwe sizinandisangalatse. Ndikulemba izi poganizira anzanga amene makampani awo ali ndi dzina lothera ndi "Investments" kapena "General Dealers", chifukwa maprofayilo athu amadwala nthenda imodzi.

Yathu inali ya masamba 9. Inalembedwa m'Chingerezi, koma ndime yake yoyamba tanthauzo lake linali lotere: "Kampani yathu inakhazikitsidwa ndi Amalawi enieni omwe anali ndi masomphenya otukula dziko lino. Timakhulupirira kugwira ntchito mokhulupirika, mwaluso ndi moika kasitomala patsogolo. Timapereka katundu ndi ntchito zosiyanasiyana zapamwamba kwa makasitomala athu onse olemekezeka m'dziko muno ndi kunja komwe." Kenako kumabwera tsamba la masomphenya, la cholinga, la mfundo zomwe timayendera, uthenga wa mkulu wa kampani, ndi chithunzi cha maudindo. Mawu akuti mjigo amayamba kuoneka pa tsamba 5, pakati pa mapepala a mu ofesi, sopo wokolopera, kubwereketsa galimoto ndi kumanga zimbudzi.

Ndimaganiza kuti mayiwa angotenga chikalatacho, akonze Chingerezi n'kubweza. M'malo mwake anandiimbira foni n'kundifunsa kuti, "Bambo, ndawerenga tsamba loyamba lonse koma sindikudziwabe chomwe ndingakuimbireni foni kuti mudzandichitire. Kodi mumatani kwenikweni?" Nditayamba kutchula mndandanda uja anandidula mwaulemu, n'kupempha kuti ndiwatumizire mainivoyisi a zaka ziwiri zapitazi, ngakhale nditafufuta ndalama zenizeni bola zioneke kuti ntchito inali yanji ndipo analipira ndani.

Apa m'pamene ndinaona kuti ndalama yanga ikugwira ntchito. Iwo anasanja mainivoyisiwo m'magulu, ndipo zinaonekeratu kuti pafupifupi ndalama zonse zimachokera ku ntchito ziwiri: kukonza mijigo yopopa ndi manja ya mtundu wa Afridev yomwe yafa, ndi kuchotsa pampu ya manja n'kuikapo ya sola yokhala ndi thanki ndi mipopi. Mapepala a mu ofesi tinagulitsako pang'ono chabe. Galimoto yobwereketsa ija tinaigulitsa kale, koma inali ikadali mu profayilo. Za "kunja komwe" ndiye sitinadumpheko malire ngakhale a ku Mchinji pa ntchito.

Funso lachiwiri linali lovutirapo. "Mumawagwirira ndani?" Ine ndinayankha kuti anthu a kumudzi, chifukwa ndi amene amatunga madziwo. Mayiwa anati zoona, koma gogo amene akupopa mjigo ku Dedza sadzawerenga profayilo yanu, ndipo si amene amasaina cheke. Amene amawerenga ndi mkulu woona zogula ku bungwe lomwe si la boma, wa ku ofesi ya zamadzi pa khonsolo, bambo mfumu kapena abusa omwe akuyang'anira sukulu ndi chipatala cha mpingo. Munthu ameneyu, akalengeza m'nyuzipepala kuti akufuna makampani oti alowe mu kaundula wa owagulitsa katundu, amalandira mulu wa maenvulopu. Iye ntchito yake yoyamba ndi kuika envulopu iliyonse m'gulu lake, ya zomangamanga uku, ya zamadzi uku, ya zosindikiza uko. Ngati ndime yoyamba siikumuuza gulu lanu, ndiye kuti mwamusiyira ntchito yofufuza, ndipo munthu wotopa safufuza mpaka tsamba 5. Choncho ndimeyo iyenera kutchula wolipira poyamba, otunga madzi abwere pambuyo pake ngati opindula.

Ndime yomwe anabweza, ndikaimasulira, imati: "Timakonza mijigo ya Afridev yomwe yawonongeka, komanso timaika mapampu a sola, mathanki ndi mipopi pa mijigo yomwe ilipo kale. Timagwirira ntchito mabungwe omwe si aboma, makhonsolo, ndi masukulu ndi zipatala za mipingo m'maboma a Lilongwe, Dedza, Dowa, Mchinji ndi Salima. Pa ntchito iliyonse timaphunzitsa komiti ya mjigo kusintha zipangizo zomwe zimatha msanga, ndipo timasiya lipoti la zomwe tachita." Ziganizo zitatu basi. Choyamba chikunena ntchito, chachiwiri wogwiriridwa ndi malo, chachitatu chinthu chimodzi chomwe timachita chomwe munthu angathe kupita kukaona ngati n'choona.

Chomwe ndinakonda n'chakuti sanangodula mwachinsinsi. Anagwiritsa ntchito Track Changes mu Word, ndipo pa chiganizo chilichonse chomwe anachotsa anaika chifukwa m'mbali. Chifukwa chomwe chimabwerezedwa kwambiri chinali ichi: chotsani dzina la kampani yanu, muikepo la kampani yogulitsa matayala, ngati chiganizocho chikumvekabe choona ndiye kuti si chanu. Kukhulupirika, luso, kuika kasitomala patsogolo, zonsezi wa matayala angazinenenso, wosoka mayunifolomu nayenso. Koma Afridev ndi Dowa wa matayala sangazitchule. Anachotsanso mawu akuti "otsogola pa ntchitoyi", n'kulemba m'mbali kuti, "Akakufunsani kuti mukutsogola pa chiyani, muwaonetsa pepala liti?" Pepala lotero ndilibe.

Asanatsirize anandipatsa ntchito yoyesera. Anati ndipatse ndimeyo munthu wosadziwa bizinesi yathu, aiwerenge kamodzi, ndimulande pepalalo, kenako ndimufunse kuti kampaniyi imatani, imagwirira ndani, ndipo kuti. Ndinayesa ndi mlamu wanga amene ndi mphunzitsi. Pa ndime yakale anayankha kuti, "Mwina mumaoda katundu." Pa yatsopano anayankha zonse zitatu, kungoiwalako boma limodzi.

Zomwe zinachotsedwa pamwamba sizinatayidwe zonse ayi. Chiyambi cha kampani chinapita pa tsamba 2, chafupikitsidwa kukhala ndime imodzi. Masomphenya ndi cholinga anazisiya, mzere umodzi umodzi, chifukwa mabungwe ena amazifunsa pa fomu zawo. Ntchito zomwe tinagwira anaziika m'tebulo losonyeza malo, chaka, mtundu wa ntchito ndi amene anatituma, ndipo analangiza kuti ndiyambe ndawapempha asanaikidwe ngati otichitira umboni. Zikalata za kulembetsa kampani, TPIN ndi setifiketi ya msonkho ya ku MRA, ndi ya ku PPDA, zonse zinapita kumapeto. Ine ndinkaziika patsogolo chifukwa ndinazivutikira, koma iwo anati zimenezi zimaonetsa kuti ndinu ololedwa kugwira ntchito, sizinena kuti ntchitoyo ndi yanji. Masamba 9 anatsika kufika pa 4, osawerengera zikalatazo. Panali ndime yothokoza malemu bambo anga omwe anandiphunzitsa ntchito ya mijigo, imeneyo anafuna ichoke, ine ndinakana, ndipo sanalimbane nane. Ili pa tsamba 2.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse. Choyamba, mayiwa ndi katswiri wa zolemba, osati wa zamadzi. Pa ndime yomwe anatumiza koyamba analemba kuti "timakumba ndi kukonza mijigo", poganiza kuti n'chimodzimodzi ndipo zikumveka bwino. Si chimodzimodzi. Kukumba kumafuna makina aakulu oboolera pansi omwe ife tilibe, komanso chilolezo chake cha ku National Water Resources Authority. Bungwe likanatitenga ngati okumba, n'kubwera kudzaona makinawo, manyazi akanakhala anga, ndipo dzina likanaipa pa ntchito yomwe timaidziwa. Analembanso kuti timaika sola "pa mjigo uliwonse", chonsecho mjigo umayenera kuyesedwa kaye ngati madzi ake amabwerera msanga, chifukwa pampu ya sola imakoka madzi ambiri kuposa ya manja ndipo mjigo wa madzi ochepa imauphwetsa. Nditawauza anakonza tsiku lomwelo osawonjezera ndalama, koma zikanakhala bwino akanafunsa asanalembe. Ndime ikafupika, liwu lililonse limasenza katundu wambiri, ndipo liwu limodzi lolakwika limaoneka kuposa momwe likanaonekera m'nkhalango ya masamba 9. Amene adzawatume awerenge mneni aliyense m'ndime yoyamba, n'kudzifunsa ngati angaichite ntchitoyo mawa ndi zida zomwe ali nazo.

Chachiwiri ndi mtengo wa kusankha, womwe sanandichenjeze bwinobwino. Profayilo yatsopanoyi ndi ya zamadzi basi. Patapita nthawi kunatuluka chilengezo chofuna omanga zimbudzi za pa sukulu, ntchito yomwe timaitha ndithu, koma chikalata chathu chimangoitchula mzere umodzi mkati. Kuti ndikhale ndi profayilo ina yoyamba ndi zimbudzi, anandiuza kuti ndi ntchito yatsopano, ndilipirenso. Sindikuwaimba mlandu pa kulipiritsa, ntchito ndi ntchito, koma akanandiuza pachiyambi ndikanakambirana nawo mtengo wa ziwiri pamodzi. Ngati bizinesi yanu ilidi ndi miyendo iwiri yofanana mphamvu, nenani zimenezi tsiku loyamba.

Pa za malipiro, amawerengera ndi tsamba la chikalata chomwe mwabweretsa, theka mumalipira poyamba kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, theka lina ntchito ikatha, ndipo m'mtengomo muli kubwereza kawiri. Nthawi yomwe analonjeza anasunga. Amabweza fayilo ya Word ndi ya PDF, koma za kukongoletsa, mitundu ndi logo sachita, zimenezo mukapeze wina. Anandipatsanso ndimeyo yofupikitsidwa kukhala chiganizo chimodzi, chomwe ndinaika pa WhatsApp Business ndi pansi pa makotesheni athu.

Sindinganene kuti profayiloyi yatipezera kontirakiti, chifukwa ntchito imapita ndi mtengo, zikalata ndi umboni wa zomwe unachitapo kale. Chomwe ndaona chasintha ndi mafoni. Kale anthu amaimba kufunsa ngati tili ndi matona a simenti kapena ngati timasindikiza malaya. Masiku ano woimba amayamba ndi kunena kuti ali ndi mijigo yakufa ku Salima, tingapite liti kukaiona. Ntchito ya mayiwa ingathandize munthu amene bizinesi yake yayenda kale ndipo ali ndi mainivoyisi oti asanjidwe. Amene wangolembetsa kumene kampani ndipo sanadziwe chomwe adzagulitse asunge kaye ndalama yake, chifukwa funso loyamba lija adzamufunsa, ndipo iwo samuyankhira.