Bandeji, sokosi yofinya kapena chikhakha: chouumbira chitsa cha mwendo ndi chiti?

Munthu akadulidwa mwendo m'munsi mwa bondo, chitsa chotsalacho chimatupa, ndipo kunsonga kumakula kuposa kumtunda. Kapu ya mwendo wochita kupanga, yomwe imavalidwa pa chitsa, singalowe pa chitsa chotero. Chiyenera kuphwa kaye mpaka kunsonga kuchepe, ndipo njira zodziwika zochiphwetsera ndi zitatu.

Bandeji yotanuka ndiyo yotchipa komanso yopezeka paliponse, koma ndiyonso imene anthu amailakwitsa kwambiri. Imafunika ya masentimita 10 m'lifupi, nthawi zambiri ziwiri zolumikiza. Mumakulunga mopingasa ngati mukulemba 8, kumangitsa kunsonga n'kumafewetsa pokwera, mpaka kupitirira bondo pang'ono, kafupa ka pabondo n'kukasiya poyera. Kumapeto mumamata ndi tepi, chifukwa tizitsulo tokowera timabaya khungu. Mukangozunguliza ngati mukumanga mtolo wa nkhuni, bandejiyo imatsamwitsa chitsa pakati, madzi amatsekeredwa kunsonga, ndipo mumapeza chibulunga chimene mumafuna kuchithetsa chija. Imakhwefukanso msanga, choncho iyenera kumasulidwa ndi kumangidwanso maola anayi mpaka asanu ndi limodzi aliwonse. Kwa wodwala shuga amene maso ayamba kuchita chidima kapena zala zachita dzanzi, ntchito imeneyi ndi yaikulu pokhapokha pakhale womuthandiza amene anaphunzitsidwa ndi a fizo.

Sokosi yofinya imachotsa vuto la luso, poti mphamvu yake inalukidwiramo kale. Imadikira kuti ulusi uchotsedwe, kawirikawiri pakatha milungu iwiri kapena itatu, ndipo kwa a shuga nthawiyo imatalikirapo. Kuivala bala likadali laliwisi kumakoka m'mphepete mwa bala n'kulitsegula. Pamafunika ziwiri kuti ina izichapidwa, ndipo chitsa chikaphwa mumafunanso yocheperapo, ndiye ndalama zimalowa. Muzionetsetsa kuti yafika kunsonga osasiya mpata, komanso kuti kumtunda sikunapindike n'kukhala ngati mphira womanga.

Chikhakha chovulika amachiumba kuchipatala, pamwamba pa sokosi yofewa yosafinya, ndipo chimavulidwa poona bala. Chitsa chikamaphwa mumawonjezera sokosi mkati kuti chisagwedere. Mphamvu yake yeniyeni ili pa kugwa. Ubongo umamvabe phazi lodulidwa lija ngati lilipo, ndiye munthu akadzidzimuka usiku amatsika pabedi n'kuponda ndi mwendo umene kulibe. Bandeji ndi sokosi siziteteza kalikonse pamenepo, ndipo bala likang'ambika zonse zimabwerera m'mbuyo milungu ingapo. Vuto lake ndi lakuti chimafuna wodziwa kuchiumba, ndipo chikakhala chovula kwa nthawi yoposa mphindi zochepa, chitsa chimatupa n'kukana kulowanso. Musachikakamize.

Pa ululu womveka m'phazi lodulidwalo, kufinya kofanana bwino kumawapepukitsa ena, makamaka usiku, koma palibe mwa zitatuzi chimene chingalowe m'malo mwa mankhwala a dokotala. Ululu wogunda womwe wayamba mutangomanga ndi wina: mwamangitsa, masulani. Mukavula, yang'anani khungu lonse, kunsi muzigwiritsa kalilole. Kufiira kosachoka pakatha mphindi 15 mpaka 20, kuzizira, kuderapo kapena mafinya zikufuna achipatala. Amene magazi sayenda bwino m'miyendo asayambe kufinya kulikonse dokotala asanavomereze.

Kaya mwasankha chiti, bondo likhale lowongoka. Kuika pilo kunsi kwa bondo kumakoma, koma kumaliumitsa lili chopinda, ndipo bondo lopindika limavutitsa wopanga mwendo kuposa chitsa chotupa.

Kuti mudziwe ngati njirayo ikugwira, yezani ndi tepi ya telala kamodzi pa sabata, nthawi yofanana m'mawa, pa malo awiri osasintha: masentimita 5 pansi pa kafupa ka pabondo, ndi pafupi ndi kunsonga. Tiyerekeze kuti sabata yoyamba kumtunda ndi masentimita 36, kunsonga 38. Pakatha mwezi kumtunda 34, kunsonga 33, ndipo sabata ziwiri zotsatira manambala sakusintha. Chitsa chimenecho chakonzeka kukayezedwa kuti akupangireni mwendo, monga kumalo opangira miyendo a ku Queens ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Koma kumtunda kukatsika kufika 33 kunsonga kukadali 38, bandeji ikumangidwa mozunguliza.

Kumene chikhakha chikupezeka, yambani nacho, bala likapola mupite ku sokosi. Kumene kulibe, bandeji ikwanira, bola womangayo akaonetse manja ake kwa a fizo kangapo. Ndipo mutalandira mwendo musataye sokosi yofinya kapena bandeji: chitsa chimatupanso usiku, m'mawa kapu n'kukana.