Kirimu wa kulotirimazo anandithandiza kumapazi ndi m'mphechepeche, koma chubu chimodzi sichikwana

Ndine mlonda, ndipo ntchito yanga ndi yovala jombo kuyambira madzulo mpaka kucha. M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, kenako mvula ikayamba, mapazi amakhala m'thukuta usiku wonse. Vuto linayambira pakati pa chala chaching'ono cha kuphazi ndi chinzake. Khungu linayera, kufewa ngati lakhalitsa m'madzi, n'kuyamba kusupuka, pansi pake pali kamng'alu kofiira kowawa ukathira sopo. Patapita nthawi kuyabwa kunafika m'mphechepeche. Kumeneko kunatuluka chipere chachikulu mbali zonse ziwiri, m'mphepete mwake motukuka ndi mofiirira, pakati pake pooneka ngati papola, ndipo chinkakulira kutsikira kuntchafu.

Kuchipatala anandiuza kuti matenda ndi amodzi, mafangasi a pakhungu omwe aja oyambitsa zipere, ndipo kawirikawiri amachoka kumapazi kupita kumtunda kudzera m'manja, m'thaulo kapena m'kabudula wamkati. Anandilembera kirimu wa kulotirimazo wa 1 peresenti, amene ndinakagula kufamase m'machubu a magalamu 20. Ndemanga yangayi ndi ya kirimu ameneyu, nditamugwiritsa ntchito mpaka kumapeto.

Kirimuyu ndi woyera, alibe fungo lodetsa nkhawa, ndipo amalowa pakhungu osasiya mafuta ambiri pazovala. Pamalo ong'ambika pakati pa zala amaluma pang'ono masiku oyamba, koma si ululu woti munthu n'kusiya. Kapakidwe kake ndi kawiri pa tsiku. Ine ndinkapaka m'mawa ndikaweruka n'kusamba, komanso madzulo ndisananyamuke. Chofunika ndi kupaka pakhungu louma bwinobwino, mopyapyala, ndi kupitirira malire a chipere ndi masentimita awiri kapena kuposerapo. Mafangasi amakhala amoyo kwambiri m'mphepete muja ndi pakhungu lapafupi looneka labwinobwino, osati pakati pamene paoneka ngati papola. Ndinkayambira m'mphechepeche, kenako kumapazi, n'kusamba m'manja ndi sopo, kuti ndisanyamule za kumapazi kupita nazo kumtunda.

Kuyabwa kunachepa msanga, sabata yoyamba isanathe. Usiku ndinasiya kukanda, chinthu chimene chinkandisowetsa mtendere ndi kundichititsa manyazi pantchito. Koma apa m'pamene anthu ambiri amanamizikira. Kuyabwa kumatha kale mafangasi asanathe. M'mphechepeche mankhwalawa amafuna masabata awiri kapena kuposerapo, kumapazi masabata anayi, ndipo adokotala anandilangiza kupitiriza kupaka kwa masabata ena awiri khungu litaoneka kuti lachira. Malo a chipere amatsala akuda kuposa khungu lina kwa miyezi ndithu, koma kudako pakokha si matenda. Chizindikiro choyang'ana ndi m'mphepete: mukakhala mosalala, mopanda mamba, mosatukuka, ndiye kuti zikuyenda.

Dandaulo langa lalikulu ndi kukula kwa chubu. Kirimu wofinyidwa kuchokera kunsonga ya chala cha mkombaphala kufika pamfundo yoyamba amakhala pafupifupi theka la galamu. Muyeso umodzi wotero umakwana m'mphechepeche mbali zonse ziwiri, wina umakwana zala za mapazi onse awiri. Kupaka kawiri pa tsiku ndiye kuti magalamu awiri apita, choncho chubu cha magalamu 20 chimatha m'masiku khumi. Kuti mukwanitse masabata anayi pamafunika machubu atatu. Pabokosi palibe chokuchenjezani za zimenezi, ndipo chubu choyamba chimatha nthawi yeniyeni imene kuyabwa kwasiya, munthu n'kuganiza kuti basi wachira. Ngati ndalama ilipo, gulani onse nthawi imodzi. Ogulitsa nawonso akanachita bwino kumauza anthu zimenezi pakauntala pomwepo.

Chinthu china chimene chimandipweteka mtima ndi makirimu osakaniza amene amagulitsidwa mwachisawawa m'misika ndi m'timagolosale. Ena mwa iwo amakhala ndi kulotirimazo yemweyu, koma wophatikiza ndi siteroidi wamphamvu monga betametazoni. Mnzanga wina wa kuntchito anagulitsidwa wotero. Kuyabwa kunazima mofulumira kwambiri, iye n'kumamutama kirimuyo, koma akangosiya chipere chinkabwerera chitakula, malire ake osaonekanso bwino. Siteroidi amaziziritsa kuyabwa ndi kufiira, koma amafooketsa chitetezo cha khungu, mafangasi n'kumafalikira mwakachetechete. Khungu la m'mphechepeche ndi lopyapyala kale, ndipo mankhwala amenewa akapakidwa nthawi yaitali amalipyapyalitsa kwambiri ndi kusiya mizere yosachoka. Musanalipire, funsani wa mufamase ngati kirimuyo ali ndi siteroidi.

Kuti vutoli lisabwerere, kirimu alibe gawo lalikulu. Zili pa zochita za tsiku ndi tsiku, ndipo chimene chinasintha zinthu kwa ine ndi kuumitsa. Ambirife tikasamba timapukuta thupi lonse koma pakati pa zala za kumapazi timasiya madzi, n'kulowetsa phazi m'sokosi. Tsopano ndimapukuta mpata uliwonse paokha ndi kansalu ka mapazi okha, kosiyana ndi thaulo la thupi, ndipo kansaluko ndimakachapa pafupipafupi ndi kukayanika padzuwa. Povala ndimayamba masokosi, kabudula wamkati pambuyo, kuti kabudulayo asakhudze phazi podutsa. Zimaoneka zazing'ono, koma njira ya mafangasi yochokera pansi kupita m'mphechepeche ndi imeneyi.

Masokosi ndi kabudula wamkati ndi za tsiku limodzi basi, zikhale za thonje ndiponso zosathina. Pochapa ndimaziviika m'madzi otentha, ndipo m'nyengo ya mvula pamene zovala siziuma bwino ndimazisita. Jombo ndiye zovuta, chifukwa si aliyense angakhale ndi mapeyala awiri oti azisinthasintha. Ine ndikafika kunyumba ndimamasula zingwe, kutulutsa kachikopa ka m'kati kaja, n'kuziika padzuwa zitayasama, tsiku lonse n'kukhala m'mapatapata. Kubafa la pamalo athu a lendi, limene timagwiritsa ntchito mabanja angapo, sindilowa wopanda mapatapata, ndipo thaulo sitibwerekana ngakhale m'nyumba mwathu momwe. Chiyambire kuchita zimenezi nyengo ina ya mvula yadutsa popanda kuyabwa kubwerera.

Kirimuyu ali ndi malire ake. Chikhadabo chikakhuthala, kusanduka chachikasu n'kumanyenyeka, mankhwala opaka safikako, pamafunika mapiritsi ochokera kwa dokotala, ndipo chikhadabo chotero chimakhala nkhokwe yobwezera matenda pakhungu. Chimodzimodzi ngati phazi lonse kunsi lauma n'kuchita mamba okhuthala. Ngati phazi latupa, latentha, likutuluka mafinya kapena fungo lanyanya, ndiye kuti mwalowa mabakiteriya, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Odwala shuga ndi amene chitetezo cha m'thupi chili chotsika asadzichize okha bala lililonse la kuphazi. Ndiponso ngati mwapaka mokhulupirika masabata awiri m'mphechepeche popanda kusintha kulikonse, mwina si mafangasi, akakuoneni kuchipatala.

Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi. Yachisanu ndachotsa chifukwa cha kachubu kakang'ono ndi kutalika kwa nthawi yopaka. Pali kirimu wina wa tebinafini amene pakati pa zala amangofuna sabata imodzi kapena awiri, koma kumene ndinafunsa anali wokwera mtengo ndiponso wosapezeka nthawi zonse, choncho kwa munthu wa malipiro ngati anga kulotirimazo ndi amene ndingagulenso.