Nkhuku pa mbaula: moto wachindunji, moto wogawa, kapena kuyamba mwawiritsa?

Ntchafu ya nkhuku yomwe yada kunja koma m'kati mwake muli magazi sivuta kuipanga. Kutentha kumalowa mu nyama pang'onopang'ono, kuchoka pa khungu kupita ku fupa, ndipo kuwonjezera makala sikufulumizitsa ulendo umenewu kwenikweni, kumangopsereza kunja. Ntchafu yokhala ndi fupa imafuna mphindi 30 kapena 40 kuti ipse mpaka pakati, pomwe khungu lake likakhala pafupi ndi makala oyaka kwambiri limada pasanathe mphindi zisanu. Njira zitatu zomwe anthu amatsutsana nazo, zonse zikulimbana ndi kusiyana kumeneku.

Chomwe tikufuna kufikira ndi chimodzi. Nkhuku yaiwisi kawirikawiri imakhala ndi tizilombo ta Salmonella ndi Campylobacter, toyambitsa kutsegula m'mimba, kusanza ndi kutentha thupi, ndipo timafa nyama ikafika madigiri 74 pamalo pake ponenepa kwambiri. Njira yomwe sifikitsa pakati pa nyama pamenepo yalephera, ngakhale khungu litafiira mokongola chotani.

Njira yoyamba ndi yomwe ambiri amatsata chifukwa sifuna china chilichonse: waya pamwamba pa makala, nyama pa waya, kumatembenuza. Imatheka, koma imafuna moto wofatsa kuposa momwe ambiri amaganizira. Makala ayenera kuyamba ayaka onse, malawi atha, ndipo kunja kwake kwayera phulusa, zomwe zimatenga mphindi 20 mpaka 30 chikolezereni. Kenako ikani dzanja pamwamba pa waya, motalikirako pang'ono. Mukalichotsa pasanathe masekondi atatu, moto umenewo ndi wa nyama yopyapyala, osati ntchafu. Mukapirira masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi, ndiye wakhala bwino. Vuto la mbaula zambiri ndi loti waya amakhala pafupi kwambiri ndi makala, choncho pamafunika kuchepetsa makalawo kuti akhale mzere umodzi, kutseka pang'ono kachitseko ka mpweya, kapena kukweza waya ndi njerwa ziwiri m'mbali.

Ngakhale mutatero, mdani wina ndi mafuta. Khungu la nkhuku likatentha limadontheza mafuta pa makala, malawi amabuka, ndipo m'kanthawi kochepa nyama imachita mwaye wowawa. Ena amawaza madzi kuti azimitse, koma madziwo amaulutsa phulusa lomwe limakakamira pa nyama. Kuchotsa nthulizo kaye mpaka malawi azilale ndi bwino, kungoti pa mbaula yodzaza makala paliponse mulibe poti n'kuthawira. Ine njirayi ndimaivomereza pa mapiko, komanso pa chidali chochotsa fupa chomwe mwachicheka kapena kuchiphwanya kuti chisanenepe kupitirira masentimita awiri. Chidali chotere chimapsa pa mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi mbali iliyonse. Pa ntchafu ndi miyendo, njirayi imafuna munthu woima pomwepo theka la ola, kumatembenuza mphindi zitatu kapena zinayi zilizonse, ndipo akangocheuka zapserera.

Njira yachiwiri ndi yogawa moto pawiri. Makala onse mumawakankhira mbali imodzi ya mbaula, mbali inayo n'kusiya yopanda kanthu. Nyama imakhala nthawi yambiri kumbali yopanda makala, itavundikiridwa ndi poto wachitsulo kapena beseni lachitsulo lopanda penti, ndipo mpweya wotentha wozungulira m'katimo ndiwo umaipsetsa. Kumbali ya makala imangopitako kukafiira. Mafuta akadontha amagwera popanda moto, kotero malawi sabuka.

Tiyerekeze kuti muli ndi ntchafu zinayi ndi miyendo inayi ya nkhuku yanthete. Chekani nthuli iliyonse kawiri mpaka mpeni ugunde fupa, kuti kutentha kupeze polowera, thirani mchere, ndipo pukutani khungu liume. Ziyaleni kumbali yopanda makala, khungu kumwamba, ntchafu kufupi ndi moto chifukwa ndizo zonenepa, miyendo kumbuyo kwake, mbali yake yonenepa italoza ku makala. Vundikirani, koma siyani kampata kofika chala pansi pa poto kumbali yotalikira moto, kuti utsi uzidutsa pa nyama potuluka komanso makala asazime. Pakatha mphindi 15 vundukulani, tembenuzani, ndi kusinthanitsa malo: zomwe zinali kutali zibwere pafupi. Vundikiraninso mphindi zina 15. Apa nyama imakhala itayera ndi kulimba, mafuta ambiri a m'khungu atasungunuka, ndipo kumapeto kwa mwendo nyama imayamba kukwinyika n'kuonetsa fupa. Tsopano isamutsireni pamwamba pa makala, khungu pansi, mphindi ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse. Zonse pamodzi ndi mphindi pafupifupi 40, ndipo mphepo ikamawomba zimapitirirapo.

Pa kukoma, njirayi ilibe inzake mwa zitatuzi. Madzi a nyama amatsalira m'kati, utsi umalowerera, khungu limauma bwino osada. Koma ili ndi malire omwe oitamanda satchula kawirikawiri. Mbaula yaing'ono, yokwana poto mmodzi, mukaigawa pawiri mbali yozizirayo imangokwana nthuli zitatu kapena zinayi, komanso siizizira kwenikweni chifukwa makala ali pafupi pomwepo. Nthuli zisanu ndi zitatu zija zimafuna mbaula yotakasuka, apo ayi muwotche kawiri. Chachiwiri, makala ochepa aja amatha mphamvu nyama isanapse. Kuthira makala akuda pansi pa nyama kumazizitsa moto ndi kubweretsa utsi wonunkha, choncho ndi bwino kuyatsa ena pambali n'kuwapana ndi mbano atayaka kale. Ndipo mukavundukula kulikonse kutentha kumathawa, motero wokonda kusuzumira amatalikitsa nthawi.

Njira yachitatu ena amainyoza kuti si kuwotcha kwenikweni, koma ine ndimaiikira kumbuyo. Mumayamba mwaphika nthulizo mu poto pa mbaula yomweyo, kenako n'kumalizira pa waya. Madzi akhale ongokwana kumiza nyama, muli mchere, adyo, anyezi kapena zokometsera zomwe mumakonda. Akawira, chepetsani moto kuti azingotumphuka pang'onopang'ono, chifukwa kubwata mwamphamvu kumalimbitsa nyama ndi kung'amba khungu. Ntchafu ndi miyendo ya nkhuku yanthete zimafuna mphindi 15 mpaka 20 chiwirireni. Zivuuleni, zidonthe, zipukuteni, pakani mafuta pang'ono, ndipo ziikeni pa moto wamphamvu mphindi zinayi kapena zisanu mbali iliyonse.

Ubwino wake ndi woti madzi owira sapitirira madigiri 100, kotero sangapsereze kanthu, komanso amafikitsa kutentha ku fupa msanga kuposa mpweya. Ntchito yoteteza odya imathera mu poto, makala amangopereka mtundu ndi fungo. Moto womwe unali wamphamvu kwambiri pa njira yoyamba, pano ndi woyenera, ndipo pamene nyama ikuwira makalawo amakhala akuyera phulusa, nthawi siitayika. Kwa nkhuku yokhwima, monga thadzi lomwe laikira nthawi yaitali kapena tambala wamkulu, palibenso kusankha: minyewa yake imafewa ndi chinyezi ndi nthawi, ola limodzi kapena kupitirira mu poto, ndipo pa waya pokha imangouma ngati chikopa.

Chomwe mumataya ndi kukoma kwina komwe kumatsalira mu msuzi, n'chifukwa chake madzi azikhala ochepa ndipo msuziwo usatayidwe. Chidali chimavutika kwambiri ndi njirayi chifukwa chilibe mafuta, kuchiwiritsa kenako kuchiwotcha chimauma. Pali ngozi imodzi yomwe ndikufuna imveke bwino: kuwiritsa mwatheka m'mawa kuti mudzamalize madzulo. Nyama yopsa mwatheka yomwe yakhala pofunda maola ambiri ndi malo abwino oswanirana tizilombo, ndipo kuipsereza kunja mphindi zochepa sikukonza m'kati. Ikachoka mu poto ipite pa waya nthawi yomweyo. Ngati mukufuna kukonzeratu, iphikeni mpaka ipseretu, izizire msanga, ikhale mu fuliji.

Njira iliyonse mungasankhe, pomaliza muyenera kudziwa ngati yapsa. Kachipangizo koyezera kutentha kwa nyama ndiko kamathetsa mkangano. Kabayeni cham'mbali pamalo ponenepa kwambiri, osakhudza fupa, ndipo yezani nthuli yaikulu kuposa zonse komanso yomwe inali kutali ndi moto. Chidali chichoke chikangofika 74. Ntchafu ndi miyendo zilibe vuto pa 74, koma zimakoma kwambiri cha pa 80 mpaka 85, pomwe minyewa yafewa ndipo nyama ikusiyana ndi fupa mosavuta. Apa pali mwayi: ntchafu mukaipitiriza pang'ono simwaiwononga, choncho mukakayika, ionjezereni mphindi zisanu kumbali yopanda makala.

Popanda kachipangizoka, chekani nthuli yaikulu mpaka pa fupa ndipo muyang'ane powala. Nyama yaiwisi imanyezimira, imaterera, ndipo imakakamira ku fupa. Yakupsa imakhala yosanyezimira, ulusi wake umapatukana, imatuluka nthunzi, ndipo madzi ake ndi oyera. Mtundu wokha ukhoza kukusokonezani mbali zonse ziwiri. Nkhuku zazing'ono zili ndi mafupa osakhwima, ndipo mafuta a m'fupa amatha kudetsa kapena kufiiritsa nyama yoyandikana nalo ngakhale itapsa, makamaka ngati inaumitsidwapo mu fuliji. Utsi nawo umasiya kufiira pansi pa khungu. Koma nyama imathanso kuyera isanafike 74, n'chifukwa chake ndimati muone zizindikiro zonse pamodzi, osati chimodzi.

Zinthu ziwiri zimawononga njira zonse zitatu mofanana. Choyamba ndi nyama yomwe sinasungunuke bwino: kunja kumapsa pomwe pakati pakadali madzi oundana. Chachiwiri ndi zokometsera zokhala ndi shuga, uchi kapena tomato wa m'botolo, zomwe zimada msanga nyama isanatenthe n'komwe. Zimenezi zipakidwe m'mphindi zisanu zomaliza, ndipo zikhale zomwe munapatula zisanakhudze nyama yaiwisi. Mbale, mpeni ndi mbano zomwe zagwira yaiwisi zitsukidwe ndi sopo zisanagwire yakupsa. Mbaulayo ikhale panja kapena podutsa mphepo, chifukwa makala amatulutsa mpweya wakupha wosaoneka komanso wosanunkha.

Kusankha kwanga kumatsata mbaula ndi nthuli. Mapiko ndi chidali chopyapyala, moto wachindunji wofatsa. Ntchafu ndi miyendo pa mbaula yotakasuka, chovundikira chilipo ndi nthawi ilipo, moto wogawa. Mbaula ikakhala yaing'ono, nthuli zambiri, choyezera palibe, kapena pakati pa odya pali ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi okalamba, poto ayambe, waya amalize.